Momwe mungalembere makapushoni pa vidiyo kuti osamva atsate nkhani

Mwezi wathawu ndinajambula ukwati wa msuweni wanga ku Katete, ndiye azakhali athu makutu anatseka kalekale, ndinati ndiwalembere mawu pansi pa vidiyo kuti nawonso adziwe zomwe ankhoswe ananena. Ndinagwiritsa CapCut, pulogalamu yokonzera mavidiyo ya pafoni, yaulere yomweyi. Anyamata ena m'tauni muno amakuikirani ina pa ndalama ati ndi ya Pro, musataye makwacha anu, mnzanga foni yake inangodzaza zotsatsa malonda.

Choyamba funsani mwini wake chilankhulo chomwe amawerenga bwino. Azakhali anagontha atakula ndiye Chichewa amawerenga, koma ambiri omwe anabadwa osamva chilankhulo chawo ndi chamanja ndipo kusukulu anazolowera kuwerenga Chingerezi.

Kenako mvetserani vidiyo, lembani mawu pa Text, kachidutswa kachidutswa. Mizere isapose iwiri, mzere umodzi zilembo pafupifupi 40 ngati vidiyo ndi yogona, yoimirira ija zichepe ndithu. Mawu athu ndi atali, "ndikukuthokozani" yekha wadya kale zilembo 16, ndiye dulani pomwe wolankhula wapumira, osati pakati pa ganizo. Kachidutswa kalikonse kakhale nthawi yoti inuyo mukawerenge kawiri.

Apa ndi pomwe ine ndinalakwitsa. Ndinasankha zilembo zopindapinda zachikasu, zowonda, ati zifanane ndi maluwa a ukwati, ndipo m'chipinda mwanga usiku zimaoneka bwino zedi. Nditawatumizira pa WhatsApp, mawa lake ndinawapeza pakhonde atayandikitsa foni kumphuno, akutsinzinira diso limodzi. Anangoti, "Mwanawe, apa walemba kapena ndi dothi la pagalasi?" Kuyang'ana ine, zoonadi, mawu onse anagwera pa diresi loyera la mkwatibwi ndi pa nsalu zoyera za patebulo, ndipo pomwe amayi a zitenje anadutsa zilembo zinasokonekera m'maluwa a chitenje. Kuwonjezera apo WhatsApp imafinya vidiyo kuti ichepe, ndiye timizere towonda ta zilembo timafufutika.

Nkhani yake ndi kusiyana kwa kuwala pakati pa chilembo ndi chomwe chili kumbuyo kwake. Malangizo a WCAG, othandiza kuti anthu olumala azitha kugwiritsa ntchito zinthu za pa intaneti, amati kusiyanako kukhale 4.5:1 kapena kuposa pa zilembo wamba. Choyera pa chakuda ndi 21:1, pomwe chikasu pa choyera sichifika ngakhale 2:1. Vuto la vidiyo ndi loti kumbuyoko kumasintha sekondi iliyonse, pano suti yakuda, pano thambo, ndiye palibe mtundu wa chilembo womwe ungapambane ponseponse pawokha. Mankhwala ake ndi kabokosi kumbuyo kwa zilembo. Zilembo zikhale zoyera, zonenepa, zosakongoletsa, kenako pa Background sankhani chakuda ndipo Opacity, yomwe imachititsa kuti kabokosiko kasamaonetse zakumbuyo, muikweze kufika cha m'ma 75 kapena 80. Ena amangoika Stroke, kamzere kakuda kozungulira chilembo, kamathandiza koma pa chitenje sikakwanira, ndinayesa. Kabokosi kamabisa pang'ono chithunzi, eya, koma nsapato za akwati ndani akuzifuna. Chachikulu musaphimbe pakamwa pa wolankhula, ambiri ovutika kumva amawerenganso milomo, ndipo musatsitse mawu pansi penipeni poti Facebook ndi TikTok zimaika zolemba zawo pamenepo.

Musanatumize kwa munthu, dzitumizireni nokha pa WhatsApp, tsekani voliyumu, tulukani panja masana dzuwa lili paliwombo muonere. Mukayamba kutsinzina, bwererani mukakonze.

Tsopano phokoso. Azakhali anandifunsanso kuti bwanji anthu onse anatembenuka nthawi imodzi ankhoswe ali pakati polankhula. Inali hutala ya galimoto ya akwati panja, kamera sinaione. Zoterezi zilembeni m'mabulaketi kuti zisiyane ndi zolankhula:

[hutala ya galimoto ikulira panja]
[amayi akululutira]
[kwaya ikuimba motsitsa]

Lembani phokoso lokhalo lomwe likusintha nkhani, makamaka losaoneka. Munthu akuwomba m'manja pamaso pa kamera palibe chifukwa cholembera, ndipo "[nyimbo]" yokha siuza munthu kanthu, nenani ngati ndi yachisoni kapena yovina. Wolankhula akakhala kuti sakuoneka yambani ndi dzina kapena udindo wake, ANKHOSWE: kenako mawuwo.

Zotsalazo ndi zachidule. Mukadina Export mu CapCut, mawu amamatirira pa vidiyo, ndi zomwe zimafunika pa WhatsApp. Pa YouTube mukhoza kukweza padera fayilo ya .srt, yosunga mawu okhaokha ndi nthawi yake, kuti woonera azikulitsa yekha zilembo, koma ine bandulo inali itatha, ndinangopita ndi foni kwa azakhali n'kuwaonetsa pamanja.