Momwe mungasiyire ntchito ku Dubai n'kubwerera ku Lilongwe ndi ndalama zanu zonse

Ambiri amene amatera ku Lumbadzi akudandaula kuti bwana wa ku Dubai wawadyera ndalama sanaberedwe ndi mfuti. Anasaina okha chikalata chonena kuti alandira zonse, ndalamazo zisanalowe. Choncho ngati mwatopa ndipo mtima uli kumudzi, tsatirani ndondomeko iyi osadumpha: notisi choyamba, kenaka malipiro omaliza, viza pambuyo pake, tikiti pomalizira. Zomwe ndikunena pano ndi za lamulo la ntchito la dziko la United Arab Emirates, nambala 33 la chaka cha 2021, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 2 Febuluwale 2022. Limakhudza alonda, madalaivala, ogwira ntchito m'mahotela, m'masitolo ndi m'makampani. Antchito a m'nyumba ali ndi lamulo lawolawo.

Yambani ndi kontrakiti. Osati kapepala kamene munapatsidwa ndi ejenti muli ku Area 25 kuno, koma imene inalembetsedwa ku unduna wa zantchito wa kumeneko, MOHRE. Imapezeka pa apu ya undunawu. Muyang'anemo zinthu ziwiri: masiku a notisi, ndi mzere wolembedwa Basic Salary. Lamulo likuti notisi isachepere masiku 30 ndipo isapitirire masiku 90. Ngati mukadali pa miyezi yoyeserera ndipo mukufuna kutuluka m'dzikomo, notisi ndi ya masiku 14.

Kalata yosiyira ntchito ikhale yaifupi. Tsiku limene mwalemba, mawu oti mukusiya ntchito, ndi tsiku lomaliza kugwira. Madandaulo anu onse asungeni mumtima, sakuthandizani m'kalatamo. Tumizani pa imelo, ndipo ngati mwapereka pamanja, wolandirayo asaine pa kope lanu. Kuuza supavaiza pakamwa pa nthawi ya nkhomaliro si notisi, mawa akhoza kukana kuti sanamvepo. Masiku amayamba kuwerengedwa tsiku limene kalata yaperekedwa, ndipo bwana sachita kuvomereza kuti inu muchoke.

Mukapereka kalata, pitirizani kupita kuntchito mpaka tsiku lomaliza. Apa ndi pamene anthu amapunthwa. Mukachoka notisi isanathe, mumalipira bwana ndalama yofanana ndi malipiro a masiku otsalawo. Choopsa kwambiri n'chakuti mukajomba masiku opitirira 7 otsatizana bwana osadziwa komwe muli, akhoza kukanena ku unduna kuti mwathawa, ndipo zimenezi zingakutsekereni mwayi wa chilolezo cha ntchito kumeneko kwa chaka. Mwina lero mukuti simudzabwererakonso, koma mtengo wa thumba la feteleza ku Malangalanga umasintha munthu maganizo.

Tsopano ndalama. Muziwerengere nokha musanaone pepala la kampani. Pali malipiro a mwezi womaliza, pali ndalama ya masiku a tchuthi amene simunapume, ndiye pali ndalama yothokoza pomaliza ntchito, ija timati gilachuwite. Iyi amalandira yekhayo amene wakwanitsa chaka chathunthu. Pa zaka zisanu zoyambirira ndi malipiro a masiku 21 pa chaka chilichonse, kupitirira apo ndi masiku 30 pa chaka. Kale munthu wosiya yekha ntchito ankamudula gawo la ndalamayi, ndipo ena akuopsezabe antchito ndi lamulo lakalelo. Pa lamulo la 2021, wosiya yekha amalandira yonse.

Tiyerekeze mlonda amene amalandira madiramu 2,000 pamwezi. M'kontrakiti mwake malipiro enieni, a pa mzere wa Basic Salary uja, ndi 1,200, pomwe 800 yotsalayo ndi maalawansi a chakudya ndi mayendedwe. Wagwira zaka zitatu ndi theka, ndipo ali ndi masiku 18 a tchuthi amene sanapume. Gilachuwite sawerengera pa 2,000, amawerengera pa 1,200. Gawani 1,200 ndi 30, tsiku limodzi likhala madiramu 40. Masiku 21 ndi 840 pa chaka, ndipo zaka zitatu ndi theka zikupereka 2,940, chifukwa theka la chakalo nalonso limawerengedwa. Tchuthi chake ndi masiku 18 kuchulukitsa ndi 40, zomwe ndi 720. Kuphatikiza ndi malipiro a mwezi womaliza, 2,000, zonse pamodzi ndi madiramu 5,660. Akanangonyamuka popanda notisi ya masiku 30, akanadulidwa 2,000 yathunthu, poti chilango cha notisi chimatsata malipiro onse, osati 1,200 yokha. Ngati anapitapo kutchuthi chosalipidwa, mwachitsanzo miyezi iwiri kudzakhuza maliro kuno, masiku amenewo amachotsedwa pa zaka zowerengera gilachuwite, ndiye musadabwe chiwerengero chikatsika pang'ono.

Bwana ali ndi masiku 14 kuchokera tsiku limene kontrakiti yatha kuti apereke zonsezi. Ndipo apa m'pamene viza imalowera. Viza yanu inatengedwa ndi kampani, ndipo ndi kampaniyo imene imaithetsa. Kuti atero amafuna siginecha yanu pa chikalata chothetsera chilolezo cha ntchito, ndipo m'chikalatamo muli mawu oti mwalandira zonse zoyenera. Adzakuuzani mokoma kuti, "Sainani kaye, ndalama zilowa sabata yamawa." Yankhani mwaulemu kuti musaina ndalama zikaoneka mu akaunti. Mukasaina n'kukwera ndege, mlanduwo mukauyendetsa bwanji muli ku Kawale? Akakana kulipira kapena akakanirira pasipoti yanu, zomwe n'zoletsedwa, kadandauleni ku MOHRE mukadali konko. Kudandaula n'kwaulere, ndipo kuyambira Januwale 2024 undunawu uli ndi mphamvu yogamula wokha milandu ya ndalama zosapitirira madiramu 50,000 popanda kudikira khothi.

Ngati muli ndi ngongole ya kubanki kapena khadi ya ngongole, konzani zimenezi musanapereke n'komwe notisi. Banki ikaona kuti ndalama yalowayo ndi yomaliza, ikhoza kuigwira kuti ibweze ngongole yake, ndipo ngongole yosiyidwa ikhoza kufika kukhothi mpaka kukuletsani kutuluka m'dziko. Malizani, pemphani kalata yotsimikiza kuti mulibe ngongole, tumizani ndalama zanu, ndiyeno tsekani akaunti.

Viza ikathetsedwa mumapatsidwa masiku oti mulongedze. Ena amapatsidwa masiku 30, ena amapatsidwa ochulukirapo malinga ndi gulu la ntchito yawo. Musadalire zomva kwa anzanu a m'chipinda, funsani tsiku lanu lomaliza lenileni pamene mukulandira pepala lothetsera viza. Mukapyola tsikulo chindapusa ndi madiramu 50 pa tsiku, ndipo muyenera kulipira musanatuluke. Masabata awiri okha ndi 700, pafupifupi ndalama yonse ya tchuthi ya mlonda uja.

Za tikiti musangoganiza kuti bwana agula. Lamulo limamupatsa udindo wobweza wantchito kwawo, koma limamumasula ngati kontrakiti yatha pa chifukwa cha wantchitoyo, ndipo makampani ambiri amagwira pamenepo munthu akasiya yekha. Onani ngati kontrakiti yanu ikunenapo kanthu, ndipo mufunse musanapereke kalata. Ngati kontrakiti yatsala ndi miyezi iwiri kapena itatu kuti ithe, kupirira mpaka ithe yokha kungakupulumutsireni ndalama ya ndege ya kudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi. Ngati mugula nokha, dikirani ndalama zilowe ndi viza ithetsedwe, apo ayi gulani tikiti yololedwa kusintha tsiku.

M'chikwama cha m'manja muikemo kontrakiti, kope la kalata yosiyira ntchito, pepala la malipiro omaliza, pepala lothetsera viza, kalata ya kubanki, ndi kalata yosonyeza zaka zimene mwagwira ndi ntchito imene munkagwira. Yomalizayi bwana amayenera kupereka kwaulere mukaipempha, ndipo ndi imene adzakufunseni mukamakafunsira ntchito ku Kanengo kapena ku City Centre.