Msonkhano ukaima pakati, maminitsi asaduke

Alembi ambiri amalakwitsa pa liwu limodzi. Wapampando akati "tiimire pomwepa, tidzapitiriza sabata yamawa", mlembi amalemba kuti msonkhano watsekedwa. Kutseka ndi kuimitsa n'zosiyana. Msonkhano wotsekedwa watha, ndipo nkhani zotsala zimadikira msonkhano wina wokhala ndi ajenda yakeyake. Woimitsidwa ukadali womwewo: nambala yake ndi yomweyo, ajenda ndi yomweyo, anthu angobalalika kaye. Ndiye maminitsi akenso akhale amodzi.

Tiyerekeze komiti ya anthu 11, yomwe malamulo ake amati koramu, chiwerengero chochepetsetsa cha anthu ofunika kuti agamule nkhani, ndi anthu 6. Msonkhano wa nambala 4 wayamba Lachiwiri pa 4 Marichi ndi anthu 8, ndipo pa ajenda pali mfundo 7. Afika pa mfundo 5. Wina wapereka ganizo loti msungichuma azipereka lipoti mwezi uliwonse, mnzake walichirikiza. Wachitatu wapempha kuti lisinthidwe, likhale la miyezi iwiri iliyonse, ndipo nayenso wapeza womuchirikiza. Asanavote, anthu 3 atsanzika. Otsala ndi 5, koramu yatha, sangagamule kanthu.

Apa mlembi asathamangire kutseka buku. Alembe maina a otuluka ndi nthawi imene atulukira, chifukwa ndi zimene zikufotokoza chomwe msonkhano waimira. Kenako alembe chonchi: "Nthawi ya 4:10 madzulo, otsala anali 5 ndipo koramu sinakwane. Wapampando anaimitsa msonkhano kufikira Lachiwiri pa 11 Marichi, 2 koloko masana, pamalo omwewa. Mfundo 1 mpaka 4 zinatha. Mfundo 5 inali isanathe, ndipo 6 ndi 7 zinali zisanayambidwe." Ngati msonkhano waima chifukwa mamembala avota kuti uime, alembenso wopereka ganizolo, wolichirikiza ndi mavoti ake.

Chimene ine ndimaumirira kwambiri ndi mawu a ganizo lomwe latsala m'malere. Alembedwe ndendende, pamodzi ndi mawu osinthawo, ndipo mlembi awawerenge mokweza anthu asananyamuke. Pakatha sabata aliyense amakumbukira zake. Wina adzati tinagwirizana kale za miyezi iwiri, wina adzati sitinavote n'komwe, ndipo ngati buku lingoti "nkhani ya lipoti inakambidwa", wapampando alibe pogwira.

Pa 11 Marichi musayambe mutu watsopano ngati kuti ndi msonkhano wa nambala 5. Pansi penipeni pa mzere woimitsa uja lembani: "Msonkhano wa nambala 4 unapitirira Lachiwiri pa 11 Marichi, nthawi ya 2:05 masana." Itananinso maina, chifukwa koramu ya tsiku loyamba siigwira ntchito pa tsiku lachiwiri. Tinene kuti abwera 9: mwa 8 oyamba aja mmodzi sanabwere, ndipo awiri amene kunalibe afika. Mayina a tsiku lililonse akhale paokha. Mukawaphatikiza pamwamba pa maminitsi, munthu amene kunalibe pa 11 adzaoneka ngati anavota nawo, ndipo akadzakana adzakhala akunena zoona. Ngati watsogolera ndi wachiwiri kwa wapampando, lembaninso zimenezo.

Manambala apitirire pamene anaimira. Mutu woyamba wa tsikuli ndi "Mfundo 5, kupitiriza". Mlembi awerenge ganizo ndi kusintha kuja monga analembera, komiti iyambe kuvotera kusinthako, kenako ganizo lenilenilo. Tinene kuti kusintha kwadutsa ndi mavoti 6 kwa 3, ndipo ganizo losinthidwalo ladutsa ndi 7 kwa 2. Chigamulochi ndi cha pa 11 Marichi, tsiku limene chapangidwa, ngakhale msonkhano unayamba pa 4. Zimenezi zili ndi ntchito ngati pali masiku owerengera kuchokera pa chigamulo. Mfundo 1 mpaka 4 musazilembenso, zinatha kale. Wina akabwera ndi nkhani yatsopano, onani malamulo a gulu lanu, poti ambiri amalola zotsala za pa ajenda yoyamba zokha. Malamulo omwewo ndi amene anganene ngati mamembala ayenera kuitanidwanso ndi kalata pamene msonkhano waima kwa nthawi yaitali.

Liwu loti "unatsekedwa" lilembedwe kamodzi, mfundo 7 ikatha, pamodzi ndi nthawi yake. Pamutu pa maminitsi oyeretsa ikani masiku onse awiri, ndipo akavomerezedwa wapampando asaine kumapeto kwa gawo lachiwiri. Musanawatumize, apatseni membala amene sanabwere ngakhale tsiku limodzi mwa awiriwa awawerenge, ndipo mumufunse mafunso atatu: msonkhano unaimiranji, unaima pa mfundo iti, ndipo ndani analipo povota pa mfundo 5. Akalephera kuyankha limodzi mwa mafunsowa kuchokera m'bukumo, bwererani pa mzere woimitsa ndi mzere wopitiriza, mukonze pamenepo.