Momwe mungamasulire "wanna hang out" osamuthawitsa mnzanu watsopano

Kuno ku Salima makamaka cha ku Senga Bay timakhala ndi alendo ambiri, ena odzagwira ntchito ena ongodzaona nyanja, ndiye kawirikawiri amandionetsa foni kuti ndiwalembere meseji mu Chichewa. Yomwe imabwerabwera ndi iyi ya "wanna hang out?" Ngati nanunso mumapemphedwa zomwezi nayi njira yomwe ine ndimatsata.

Poyamba mfunseni mlendoyo kuti akulembera ndani. Adziwana liti, ndi wamkulu kapena msinkhu umodzi, ndi mwamuna kapena mkazi. Munthu amene mwangodziwana naye sabata yatha ndi "inu" basi, ngakhale akhale wamng'ono kwa inu. "Iwe" amabwera yekha pakapita nthawi, ndipo nthawi zambiri mwini chilankhulo ndi amene amayambitsa. Anyamata okhaokha mutha kuikapo "amwene" kapena "achimwene" kuti zifewe, koma "aise" dikirani kaye muzolowerane.

Kenako chotsani kufunako. Mzungu akamati wanna sikuti akufufuza za mumtima mwa munthu ayi, akungoitana. Ife sitiitana munthu pomufunsa ngati akufuna, ngakhale nsima timati "tiyeni tidye" chifukwa ukafunsa kuti mukufuna kudya mlendo amakana ndi njala ili m'mimba. Ndiye muyambe ndi "bwanji" kapena "tiyeni", mneni wake akhale wa tonse: bwanji tikacheze. Ka -ka- ako kakutanthauza kuti mupita kwinakwake. Ngati mukumuitanira pomwe muli inuyo ndi "mubwere tidzacheze".

Pomwe pamavuta kwambiri ndi apa, pa mawu oti kucheza. Paokha ndi abwinobwino, timacheza ndi agogo, timacheza pa bawo. Koma mukangowaphatikiza ndi "nane" kapena "awiri", ndiye akhale mwamuna akulembera mkazi, nkhani yasintha. Mnyamata wina wochokera kunja yemwe ndinkamuthandiza Chichewa ankafuna kuitana mtsikana wogwira naye ntchito, zongocheza ndithu, mnyamatayo anali kale ndi chibwenzi kwawo. Tsiku limenelo sanandipeze ndiye anakafunsa anyamata ena apagombe aja, amene amati amaphunzitsa Chichewa bola uwagulire chakumwa. Anamulembera kuti "Ukufuna kucheza nane madzulo ano?" iye nkutumiza. Taonani zomwe zili mmenemo: wamutchula iwe munthu wosamuzolowera, pali nane, ndi madzulo, malo sanatchule. Mtsikana aliyense wa kuno awerenga kuti akufunsiridwa, mwinanso zoposa pamenepo. Mtsikana uja anangoyankha kuti "chabwino tiona", mmawa mwake moni anali wa patali ndipo pa nkhomaliro anakakhala ndi amayi ophika. Zinandipweteka chifukwa onse awiri anali anthu abwino, ndipo zinatenga nthawi kuti ayambenso kuseka limodzi.

Titakhala pansi tinailemba chonchi: "Muli bwanji asisi? Loweruka masana ngati muli ndi mpata bwanji tikadye tchipisi ku Kamuzu Road, tikhala ndi anzathu akuntchito aja." Palibe ngakhale mawu oti kucheza koma ndi momwe munthu wa kuno angaitanire mnzake. Chizungu chimalola kuitana munthu osanena kokachita, ife timafuna timve kuti tikupita kuti, nthawi yanji, kukakhala ndani. Zikasowa zimenezi munthu amadzaza yekha ndi maganizo ake. Ndipo mukalemba kuti kukakhala anzathu muwaitanedi, osati munthu afike akupezeni muli nokha.

Za ndalama musaiwale kumuuza mlendo wanuyo. Kuno woitana ndi amene amayembekezeka kulipira, ndiye ukati tiyeni tikadye chambo kunyanja konzeka, chambo masiku ano mtengo wake si wamasewera, kuonjezera thiransipoti yochoka ku boma kukafika ku Senga Bay. Akabaza enanso akangoona khungu loyera mtengo amaukweza pompo, mumuuziretu mtengo weniweni asanakwere. Ngati m'thumba muli mopepuka sankhani zosafuna ndalama, "tiyeni tikawongole miyendo" kapena "tikapitidwe mphepo kunyanja". Kwa anyamata "tikaonere mpira" imagwira nthawi zonse.

Mukatumiza muone yankho. Wofuna kubwera amafunsa kuti nthawi yanji kapena tikumane pati. "Tiona" ndi "ndikuuzani" nthawi zambiri ndi kukana kwaulemu, musaumirize, mudzayesenso sabata ina ndi pulogalamu ya gulu. Za kalembedwe musavutike nazo, bola muiwerenge mokweza kamodzi musanatumize, ngati ikumveka ngati kalata yofunsira ntchito chotsani "ndikupempha" ndi "chonde".