Ngongole zikakulandani tulo: momwe mungachitire kuti usiku ukhale wogona

Munthu amene ali ndi ngongole nthawi zambiri amagona bwinobwino chakumadzulo chifukwa chotopa, koma cha m'ma 2 koloko usiku maso amangoti gwa. Mutu umayamba kuwerengera lendi, fizi, mayunitsi a magetsi ndi ya kubanki mkhonde, ukafika kumapeto n'kubwereranso poyambira. Tambala akamalira amakhala asanapeze yankho ngakhale limodzi, ndipo tsikulo amaliyamba ali wofooka.

Chimene chimachitika ndi chakuti ubongo susiya nkhani imene sinathe. Masana mumatanganidwa ndi ntchito, ndiye nkhani ya ndalama imadikira mpaka pamene kwati zii. Ikabwera, mtima umathamanga ndipo thupi limakhala tcheru ngati pali choopsa, ndiye tulo sitingabwere. Zikachitika kwa masabata angapo, thupi limazolowera kuti pabedi ndi pamalo owerengera ngongole, moti mumayamba kudzuka ngakhale tsiku limene zinthu zayenda. Njira zili m'munsizi sizikubwezerani ngongole. Ntchito yake ndi kuchotsa ngongolezo pabedi n'kuzipatsa nthawi yake, kuti m'mawa mukhale ndi mutu wotha kulimbana nazo.

Choyamba: ipatseni nkhawa nthawi yake kusanade

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pezani kope, ngakhale lotsala la mwana wa sukulu, ndipo sankhani mphindi 15 tsiku lililonse, patatsala maola osachepera awiri kuti mukagone. Kwa ambiri 6 koloko madzulo ndi nthawi yabwino. Khalani pakhonde kapena pabalaza, osati pabedi. Lembani mzere pakati pa tsamba. Kumanzere mulembe chimene chikukudetsani nkhawa, ndi ndalama zake zenizeni komanso tsiku lobweza. Kumanja mulembe chinthu chimodzi chokha chimene mungachite mawa kapena mkuja pa nkhaniyo.

Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato ndi anyezi mumsika waukulu wa Zomba, amene amakhala ku Chinamwali. Usiku, mumtima mwake mumangomveka mawu akuti "ndili m'ngongole, sindituluka". Atakhala pansi ndi kope, kumanzere kukutuluka zinthu zinayi. Lendi ndi K60,000, yofunika pa 30. Kubanki mkhonde anatenga K100,000, ndipo ndi chiwongola dzanja cha 20 pa 100 akuyenera kubweza K120,000 Loweruka la sabata yamawa. Fizi ya mwana yatsala K75,000. Paokala ya pafupi ndi nyumba pali K12,000 ya sopo ndi shuga. Zonse pamodzi ndi K267,000.

Ndalamazi ndi zambiri ndithu, koma tsopano zili ndi malire, komanso zikuoneka kuti sizikufunika zonse tsiku limodzi. Kumanja akulemba motere. Pa ya banki mkhonde: "Mawa m'mawa ndikaonane ndi atcheya, ndifunse ngati gulu lingandilole kupereka K20,000 ya chiwongola dzanja yokha mwezi uno." Pa fizi: "Lachinayi ndipite kusukulu ndikapemphe kulipira kawiri." Pa lendi: "Ndiziika padera K4,000 tsiku lililonse, ndipo eni nyumba ndiwauze pa 25 ngati ndikuona kuti sikwana." Pa ya okala: "Ndipereke K2,000 Lachisanu."

Taonani kuti sanalembe zakuti "ndipeze ndalama". Mawu oterowo sauza munthu chochita, ndipo usiku amabweranso ali chimodzimodzi. Chimene mwalemba kumanja chikhale ndi munthu woti mumuone, malo ndi tsiku. Pamene palibiretu chochita, lembani zoona zake: "Apa palibe chimene ndingachite mpaka malipiro atatuluka." Limenelonso ndi yankho. Mphindi 15 zikatha, tsekani kopelo n'kulisiya kutali ndi pogona.

Mu 2018 ofufuza a pa yunivesite ya Baylor ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anayesa zofanana ndi zimenezi pa achinyamata 57. Amene analemba kwa mphindi zisanu ntchito zimene zikuwadikira anagona msanga ndi mphindi pafupifupi 9 kuposa amene analemba zimene anamaliza kale, ndipo amene analemba mwatsatanetsatane ndiwo anagona msanga kwambiri.

Ngati muli pabanja, nthawi ya kopeyi ndi imenenso mungakambirane za ndalama ndi amuna anu kapena akazi anu. Mabanja ambiri amayamba nkhani ya ndalama atazimitsa nyali, poti ndi pamene ana agona, ndiye onse awiri amachezera. Ndipo ndinene poyera kuti ngongole yobisira mnzanu wa m'nyumba imalanda tulo kuposa ina iliyonse, chifukwa pamwamba pa ngongoleyo mumasenzanso mantha akuti idziwika liti.

Chachiwiri: usiku musamange mfundo iliyonse ya ndalama

Pakati pa usiku chilichonse chimaoneka choopsa kuposa momwe chilili, ndipo ndi nthawi imene munthu amaganiza zokatenga katapila kapena kugulitsa njinga imene imamudyetsa. Foni nayo imakhala pafupi, ndiye n'kosavuta kuyamba kuona zimene zatsala ku Airtel Money kapena ku Mpamba, kuwerenganso uthenga wa munthu amene akukulonjererani ngongole, kapenanso kubetcha kuti mwina mwayi ungagwe. Dziikireni lamulo lakuti mukatseka kope, za ndalama zatha mpaka kuche. Foni itchajidwe patali ndi bedi. Ganizo latsopano likabwera usiku, lilembeni mzere umodzi pakapepala n'kudziuza kuti mulionanso mawa 6 koloko.

Chachitatu: tulo tikakana, dzukani

Izi zimamveka zachilendo, koma ndi njira imene akatswiri a za tulo akhala akugwiritsa ntchito kuyambira m'ma 1970. Mukaona kuti mwakhala maso kwa mphindi pafupifupi 20 ndipo mutu wayamba kuzungulira, chokani pabedi. Musayang'ane wotchi, ingoyerekezani, chifukwa kuona nthawi kumayambitsa masamu ena owerengera maola amene atsala. Kakhaleni pampando kapena pamphasa, kuwala kukhale kochepa, ndipo chitani chinthu chodekha: kuwerenga Baibulo, Kurani kapena buku lina, kupemphera, kusankha nyemba, kumvera wailesi motsitsa. Maso akayamba kulemera, bwererani. Tulo tikakananso, dzukaninso, ngakhale katatu usiku umodzi. Cholinga ndi chakuti thupi liphunzirenso kuti pabedi ndi pogona basi.

Kuno kwathu ku Zomba njirayi ili ndi zovuta zake. Ambiri ku Chikanda, ku Mpondabwino kapena ku Matawale amakhala m'nyumba ya chipinda chimodzi, ndiye kolowera kulibe. Zikatero ingochokani pamalo ogonawo n'kukhala pakona ina, kapena khalani tsonga m'neti momwemo ngati kuli udzudzu wambiri. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene kuzizira kwa m'phiri kumatsikira m'tauni, ikiranitu juzi kapena chitenje pafupi musanagone, apo ayi simudzuka.

Muli chikhalire choncho, pumani pang'onopang'ono: kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mukuwerenga mpaka 6, kwa mphindi zingapo. Kutulutsa mpweya motalikitsa kumathandiza kuti mtima utsike.

Chachinayi: dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse

Njala ya tulo imakula malinga ndi maola amene mwakhala maso. Ambiri akachezera usiku amafuna kubweza tulo podzuka mochedwa, pogona masana onse kapena pokalowa m'bulangete 7 koloko madzulo, ndiye usiku wotsatira amapezeka alibe tulo tokwanira ndipo nkhawa imapeza mpata. Sankhani nthawi yodzuka, tinene 5 koloko ngati mayi wathu uja amene amalawirira kukapikula tomato, ndipo muisunge ngakhale Lamulungu, ngakhale mutagona maola atatu okha. Tulukani panja kuti kuwala kwa m'mawa kukuombeni. Madzulo musakagone chifukwa choti nthawi yakwana, dikirani mpaka mutayamba kusinza. Ngati masana simungathe kupirira, gonani mphindi zosapitirira 20, isanakwane 3 koloko.

Sabata yoyamba mumatopa kwambiri kuposa kale, ndipo apa ndi pamene ambiri amasiyira. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha masabata awiri kapena atatu: mwina mumadzukabe usiku, koma mumagonanso msanga. Oyendetsa minibasi ndi akabaza a njinga zamoto asamale kwambiri masiku amenewa. Tulo tikakugwirani, imani kaye mupume, musakakamize ulendo.

Chachisanu: zimene mumamwa

Tiyi wa masamba, khofi, kokakola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zili ndi kafini, ndipo pakatha maola pafupifupi asanu theka lake limakhala likadali m'thupi. Choncho tiyi wothira masamba ambiri akhale wa m'mawa, ndipo ikadutsa 2 koloko masana musiyeni. Mowa umanyenga: umagwetsa munthu msanga, koma ukayamba kutha m'thupi umamudzutsa usiku womwewo, nthawi yomwe ija ya masamu, ndalama zina zitapitanso. Kugona ndi njala nako kumadzutsa, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale pamene ufa umavuta, ndiye ngati chakudya chili chochepa, sungani kaphala kapena kambatata ka madzulo.

Pamene kope silikwanira

Ngati mukusowa tulo masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata kwa miyezi itatu, ndipo zikusokoneza ntchito yanu, pitani kuchipatala. Musadikire miyezi itatuyo ngati kwa masabata awiri mwakhala osasangalala ndi chilichonse, chakudya sichikulowa, mukudzuka m'bandakucha mtima uli wolemera ndipo mukudziona ngati wachabechabe. Zimenezo ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, ndipo ali ndi chithandizo. Yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanuko kapena ku Zomba Central Hospital. Tilinso ndi mwayi woti chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo, Zomba Mental Hospital, chili konkuno, ndipo sichithandiza okhawo amene anthu amawatcha amisala. Wokuonaniyo mumuuze zonse, kuphatikizapo za ngongole ndi za mowa.

Mapiritsi ogonetsa monga dayazepamu musagule mwa inu nokha kapena kupempha kwa mnzanu. Thupi limawazolowera m'masabata ochepa, mukawasiya mwadzidzidzi kusowa tulo kumabwerera mwamphamvu, ndipo kuwaphatikiza ndi mowa kungaimitse kupuma.

Ngati maganizo a usikuwo afika ponena kuti bola kungofa, kapena kuti banja lanu lingapepukidwe inu mutachoka, imeneyo si nkhani yodikira 6 koloko. Dzutsani munthu amene muli naye m'nyumba kapena woyandikana naye usiku womwewo, muuzeni momwe zilili, achotse mankhwala a mbewu, tameki ndi zingwe pafupi nanu, ndipo akuperekezeni kuchipatala osadikira tsiku lina.