Mwana watentha thupi ndipo akusanza: zoyenera kuchita musanam'patse bulufeni

Kuno ku chigwa cha Shire, kuyambira Chikwawa, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula ndi Nsanje, mwezi wa Okutobala ukafika kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ena. Mwana amataya madzi m'thukuta ngakhale asakudwala. Akayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza, thupi n'kutentha, madzi amatha mofulumira kwambiri. Apa m'pamene makolo ambiri amathamangira ku golosale, ndipo panado akaoneka ngati sakugwira amagula bulufeni poti ndi "wamphamvu". Bulufeni ndi dzina limene tinazolowera la mankhwala a ibupulofeni. Ndi mankhwala abwino kwa mwana amene akumwa, akudya komanso akukodza bwino. Kwa khanda, ndiponso kwa mwana amene madzi achepa m'thupi, akhoza kuvulaza impso.

Chimene chimachitika mu impso

Impso zimasefa magazi n'kupanga mkodzo, ndipo kuti zisefe pamafunika magazi okwanira odutsamo. Mwana akasanza ndi kutsegula m'mimba, magazi oyenda m'mitsempha amachepa. Thupi limafinya mitsempha yambiri kuti magazi otsalawo afike ku mtima ndi ku ubongo. Impso zili ndi njira yodzitetezera: zimatulutsa timichere totchedwa mapulositagilandini timene timatsegula timitsempha tolowetsa magazi mu impsomo, kuti kusefa kusaime.

Ntchito ya bulufeni ndi kuletsa thupi kupanga timichere timeneti. N'chifukwa chake amachepetsa ululu, kutupa ndi kutentha kwa thupi, popeza timichere tomweto ndi timene timayambitsa zimenezi. Koma mankhwalawa sasankha pogwira ntchito. Ali ngati munthu wotseka chipata cha ngalande ya mthirira nthawi imene madzi mumtsinje achepa kale. Mwana wa madzi okwanira m'thupi sadalira kwambiri chipatacho, choncho sipachitika kanthu. Mwana wouma amachidalira kotheratu, ndipo chikatsekedwa impso zimasowa magazi, mkodzo umachepa, zoipa zimene zimayenera kutuluka zimaunjikana m'thupi. Zimenezi zimatha kuchitika ngakhale mlingo uli wolondola.

Timichere tomweto timatetezanso khoma la m'mimba. Mwana amene wasanza usiku wonse m'mimba mwake mulibe kanthu, ndiye bulufeni akalowamo amawonjezera kupweteka ndi kusanza, nthawi zina mpaka kutulutsa magazi.

Choyamba: ali ndi miyezi ingati?

Khanda losakwana miyezi itatu, kapena losakwana makilogalamu 5, musalipatse bulufeni. Wa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi apatsidwe pokhapokha dokotala atamuona ndi kulemba yekha. Impso za khanda zimakhala zisanakhwime. Zimasefa pang'onopang'ono, sizitha kusunga madzi bwino, ndipo mankhwala amachedwa kutuluka m'thupi. Kathupi kakang'ono kamaumanso msanga, moti kusanza kangapo kokha n'kokwanira.

Pali chifukwa china chimene ine ndimachiona chachikulu kuposa impso. Khanda la msinkhu umenewu likatentha thupi, vuto likhoza kukhala matenda a m'magazi, chibayo kapena matenda oumitsa khosi, ndipo zizindikiro zake sizioneka bwino monga mwa mwana wamkulu. Mankhwala oziziritsa thupi amangobisa chizindikiro chimodzi chimene mukanachiona, matendawo akupitirira. Choncho khanda lotero musalipatse chilichonse kupatula bere, pitani nalo kuchipatala tsiku lomwelo, kaya pa kabaza kaya pa bwato. Dziwaninso kuti azaumoyo a m'midzi amathandiza ana oyambira miyezi iwiri mpaka zaka zisanu. Wosakwana miyezi iwiri amamutumiza kuchipatala, ndiye musataye nthawi.

Chachiwiri: muoneni ngati madzi achepa

Apa musafulumire. Yambani ndi funso la mkodzo: wakodza liti komaliza? Mwana woyamwa amanyowetsa thewera kapena chitenje kangapo pa tsiku. Ngati chitenje chomuberekera chili chouma kuyambira m'mawa mpaka masana, kapena mkodzo ndi wochepa, wachikasu kwambiri, madzi achepa. Kwa mwana wotsegula m'mimba zimavuta kusiyanitsa mkodzo ndi chimbudzi cha madzi, ndiye m'vuleni thewera, mumugoneke pa nsalu youma, muziyang'ana.

Kenako yang'anani maso ngati alowa, milomo ndi lilime ngati zauma, komanso ngati akulira popanda misozi. Kwa wamng'ono gwirani liwombo. Liwombo lolowa limasonyeza kuti madzi achepa m'thupi, ndipo mankhwala ake ndi madzi olowa pakamwa. Zomata pamutu zija sizibwezeretsa madzi. Tsinani khungu la pamimba, pakati pa mchombo ndi m'mbali, ndi chala chachikulu ndi cholozera, kenako siyani. Kwa mwana wabwino limabwerera nthawi yomweyo. Likachedwa, madzi achepa, ndipo likatenga masekondi opitirira awiri, zafika poipa. Pomaliza m'patseni madzi m'kapu. Akawathamangira ngati wachokera kumunda, ali ndi ludzu la kuuma. Akalephera kumwa, kapena ali lefulefu mosadzutsika, nyamukani.

Chizindikiro chimodzi chokha mwa zimenezi n'chokwanira kubweza bulufeni m'kabati. Ngakhale musanaone chilichonse, mwana amene akusanza mobwerezabwereza kapena akutsegula m'mimba asamwe bulufeni, chifukwa amene sanaume m'mawa akhoza kuuma pofika madzulo mankhwalawo akadali m'thupi.

Chachitatu: madzi ayambe, panado atsate

Titenge chitsanzo cha mwana wa chaka ndi theka ku Ngabu. Buku la ku sikelo likusonyeza makilogalamu 10. Wasanza kanayi usiku, watsegula m'mimba katatu, thupi likutentha, maso alowa pang'ono, koma akumwa.

Mayi asungunule paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kulorini. Lita ndi mabotolo awiri a mamililita 500. Musachepetse madzi poganiza kuti akhale amphamvu, chifukwa mchere ukachuluka umavulaza. M'mwetseni ndi sipuni, kamodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri zilizonse. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso pang'onopang'ono kuposa poyamba. Ambiri amasiyira pomwepa poti "akungobweza", komatu mwana sasanza zonse, ena amatsalira. Mwana wosakwana zaka ziwiri amwe mamililita 50 mpaka 100 akangochita chimbudzi cha madzi, wa zaka ziwiri kupita m'tsogolo amwe 100 mpaka 200. Bere lisasiyidwe. Azaumoyo aperekanso zinki wochepetsa kutsegula m'mimba.

Ngati kutenthako kukumusautsa, m'patseni panado. Panado amagayidwa kwambiri ndi chiwindi, ndipo pa mlingo woyenera sachepetsa magazi opita ku impso monga amachitira bulufeni. Mlingo wake ndi mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse ya mwana. Wa makilogalamu 10 uja akufunika mamiligalamu 100 mpaka 150. Panado wamadzi wofala amakhala ndi mamiligalamu 120 pa mamililita 5 aliwonse, choncho mamililita 5 akwanira. Ngati muli ndi piritsi la akuluakulu la mamiligalamu 500, ligaweni panayi, m'patse chidutswa chimodzi. Pazidutsa maola asanu ndi limodzi, ndipo osapitirira kanayi pa maola 24. Yezerani ndi kakapu kapena sirinji ya m'botolo, chifukwa masipuni a tiyi amasiyana kukula. Akasanza atangomwa, musawonjezere mongoganizira. Muchepetseni zovala, mumukhazike pamthunzi podutsa mphepo, mudikire nthawi ya mlingo wotsatira. Panado nayenso akachuluka amawononga chiwindi.

Thupi likapanda kuzizira kwenikweni musade nkhawa mpaka kufuna mankhwala ena. Chimene tikufuna n'chakuti mwana apepukidwe mokwanira kuti azimwa. Mwana wofundabe pang'ono koma akumwa ndi kukodza ali bwino kuposa wozizira thupi amene sakukodza.

Chachinayi: kayezetseni magazi tsiku lomwelo

Kuno malungo ali paliponse, ndipo mwa ana amayamba ndi kutentha thupi ndi kusanza, nthawi zina ndi kutsegula m'mimba komwe. Panado ndi bulufeni yemwe sapha tizilombo ta malungo. Malungo aakulu pawokha amatha kuvulaza impso, ndiye kuwonjezerapo bulufeni n'kuziunjikira mavuto awiri. Mwana wathu wa ku Ngabu, popeza maso alowa kale, apite kuchipatala kapena kwa azaumoyo akumwa Thanzi m'njira. Akapezeka ndi malungo n'kumasanza LA, m'bwezeni kuchipatala kuti akam'patse mankhwala a jakisoni. Chimbudzi chikakhala chamadzi okhaokha ngati otsukira mpunga, makamaka nthawi ya madzi osefukira, ganizirani kolera ndipo musadikire kuti kuche.

Ngati mwam'patsa kale

Musachite mantha, ana ambiri savulala ndi mlingo umodzi. Siyani pomwepo, limbikirani madzi, muziwerenga kuti wakodza kangati. Thamangirani kuchipatala ngati papita maola asanu ndi atatu osakodza, kapena asanu ndi limodzi kwa khanda, ngati nkhope ndi mapazi zatupa, ngati akusanza magazi kapena zakuda ngati masese a khofi, ngati chimbudzi chada ngati phula, kapena ngati akungogona, akupuma mofulumira kapena wakomoka.

Tengani botolo kapena pepala la mapiritsi, muwauze adokotala mosabisa kuti, "Ndinam'patsa awa, mlingo wakuti, kangati, komaliza nthawi yakuti." Ena amabisa poopa kukalipiridwa, koma mawu amenewa amasintha chithandizo. Mankhwala ena a jakisoni amene amaperekedwa kwa ana odwalika, monga jentamaisini, nawonso amalemetsa impso, ndipo dokotala akadziwa za bulufeni amasamala posankha ndi poyeza mlingo.

Werenganinso zimene zalembedwa pa mankhwala ena onse amene mwana wamwa. Pa botolo kapena pa pepala yang'anani mawu akuti Ibuprofen, chifukwa pali mapiritsi ndi mankhwala a madzi osakaniza bulufeni ndi panado pansi pa dzina lina. Dayikolofenaki, indosidi ndi asipulini ndi a banja limodzi ndi bulufeni, ndipo amachita chimodzimodzi ku impso ndi m'mimba. Amenewa si a ana pokhapokha dokotala atalemba.

Akachira

Mwana wopitirira miyezi isanu ndi umodzi, amene wasiya kusanza, akudya phala ndipo akukodza monga mwa nthawi zonse, akhoza kumwa bulufeni pa vuto ngati kupweteka kwa khutu kapena kutupa atavulala. Mlingo ndi mamiligalamu 5 mpaka 10 pa kilogalamu, osapitirira katatu pa tsiku, atadya kaye. Wamadzi wofala ndi wa mamiligalamu 100 pa mamililita 5, choncho wa makilogalamu 10 uja angamwe mamililita 2.5 mpaka 5. Mwana wa katsabola asamwe, chifukwa zilonda zake zikhoza kulowa matenda oopsa a pakhungu. Wa mphumu, wonyentchera kapena wotupikana, ndiponso amene anauzidwapo kuti ali ndi vuto la impso kapena la mtima, ayambe waonedwa ndi dokotala.