Maminiti 180, malikisi 100

Pamayeso a sitatisitiki osalola mabuku, nthawi inkandithera ndisanafike funso lomaliza. Chimene chinandithandiza ndi kugawa nthawi potengera malikisi. Pepala la maola atatu lili ndi maminiti 180; ndikachotsa 20 owerengera mafunso ndi kubwereza, malikisi onse 100 amatsala ndi maminiti 160. Funso la malikisi 10 ndimalipatsa maminiti 16, akatha ndimalisiya ndi mpata pansi pake.

Pepala la mafomula ndinayamba kuligwiritsa ntchito poyeserera kunyumba, kuti diso lidziwiretu pamene pali chilichonse.

Pa kakyuleta, makamaka ya Casio, samalani: imapereka mitundu iwiri ya standard deviation, σx ndi sx. Manambala 4, 6, 8 ali ndi avereji ya 6. Kusiyana kwa nambala iliyonse ndi 6 kukachulukitsidwa kokha n'kuphatikizidwa, kumakwana 8. Mukagawa ndi n, kuchuluka kwa manambalawo, n'kutenga sikweya ruti, mumapeza σx = 1.63, koma funso likanena za sampulo mumagawa ndi n − 1, n'kutenganso sikweya ruti, ndipo sx = 2.

Tsopano ndimalemba fomula, kenako manambala m'malo mwake, kenako yankho. Chala chikaphonya batani, wochonga amaonabe njira yanga n'kundipatsa malikisi ake. Kufupikitsa madesimo ndimadikira mzere womaliza.