Makina andidya K80,000 osatulutsa ndalama

Lachisanu pa Kasungu boma ndinafuna kutapa K80,000 ya feteleza pa makina a ATM a banki ina. Makina analira ngati akuwerenga, koma sanatulutse kanthu. Foni inalira: ndalama zachotsedwa. Mtima unagunda.

Sindinayesenso kachiwiri. Ndinasunga kalisiti, ndinalemba nthawi ndi malo a makinawo. Nthawi zambiri ndalama zimabwerera zokha, choncho ndinadikira. Lolemba kuli zii, ndinapita ku banki yanga, osati ya eni makina, ndi chiphaso, khadi ndi meseji ija. Ndinadzaza fomu ya dandaulo n'kutenga nambala yake.

Eni makinawo amawerenga zotsala m'makina, zikaposa zolembedwa amabweza. Zanga zinabwerera patatha sabata. Akanazengereza, nambala ija ndikanapita nayo ku Reserve Bank of Malawi.